Pamene masamu a peresenti akanika: ziro ndi malo osalembedwa m'malipoti

Peresenti ya kusintha ndi nambala imene imasonyeza kuti chinthu chakwera kapena chatsika motani poyerekeza ndi mmene chinalili m'nyengo yam'mbuyo. Imapezeka m'malipoti a malonda, a zipatala, a sukulu ndiponso a mitengo ya katundu. Kapezedwe kake n'kosavuta. Pa nambala yatsopano amachotsapo nambala yakale, zotsalazo amazigawa ndi nambala yakale ija, kenako yankho amalichulukitsa ndi 100.

```
kusintha = (yatsopano - yakale) / yakale * 100
```

Sitolo ikagulitsa matumba 120 a feteleza mu Novembala, ndi 150 mu Disembala, kusiyana kwake ndi matumba 30. Kugawa 30 ndi 120 kumapereka 0.25, ndiye kuti malonda akwera ndi 25 peresenti.

Nambala yakale ili ndi ntchito ziwiri mu fomulayi. Imachotsedwa pa yatsopano, komanso ndiyo muyezo umene kusiyana konse kumayezedwera. Pa ntchito yachiwiriyi ndi pamene pamabuka vuto. Nambala yakale ikakhala ziro, muyezo kulibe. Ikakhala kuti sinalembedwe n'komwe, muyezo ulipo koma sukudziwika. Mavuto awiriwa amaoneka ofanana pa kompyuta, koma gwero lake ndi losiyana, ndipo aliyense ali ndi mankhwala akeake.

## Chifukwa chake kugawa ndi ziro sikutheka

Kugawa ndi kubwerera m'mbuyo kwa kuchulukitsa. Munthu akamati 40 kugawa ndi 8 ndi 5, akutanthauza kuti 5 kuchulukitsa ndi 8 kumabweretsa 40. Choncho amene akufuna kugawa 40 ndi ziro akufunafuna nambala imene ikachulukitsidwa ndi ziro ipereke 40. Nambala yotero kulibe, chifukwa nambala iliyonse ikachulukitsidwa ndi ziro imapereka ziro. Si kuti yankho ndi lalikulu kwambiri kapena kuti makina akulephera kulifikira. Funsolo lilibe yankho.

Ziro kugawa ndi ziro ndi nkhani ina. Apa pakufunika nambala imene ikachulukitsidwa ndi ziro ipereke ziro, ndipo nambala iliyonse ikukwanira: 1, 7, ngakhale 500. Mayankho achuluka mopitirira, moti palibe limodzi limene lingasankhidwe kukhala loona kuposa anzake. Katswiri wa masamu wa ku India, Brahmagupta, amene analemba malamulo a kawerengedwe ka ziro m'chaka cha 628, ankati ziro kugawa ndi ziro ndi ziro. Malamulo ake ambiri akugwirabe ntchito mpaka lero, koma limeneli akatswiri a pambuyo pake analikana pa chifukwa chomwechi.

Tanthauzo lake m'malonda ndi lomveka. Kukwera ndi 100 peresenti ndiko kuwirikiza kawiri, ndipo kukwera ndi 200 peresenti ndiko kuwirikiza katatu. Koma ziro, ngakhale atawirikizidwa kangati, amakhalabe ziro. Sitolo imene mwezi watha sinagulitse thumba ndi limodzi lomwe, ndipo mwezi uno yagulitsa 40, yapita patsogolo ndithu, koma kupita patsogoloko sikunganenedwe m'maperesenti.

Kutsikira ku ziro kulibe vuto lotere. Kuchoka pa matumba 10 kufika pa ziro ndi kutsika ndi 100 peresenti, ndipo masamu ake ndi olongosoka, chifukwa nambala yogawira ndi 10. Ziro amasokoneza pokhapokha akakhala m'nyengo yam'mbuyo.

## Chitsanzo cha sitolo ya zipangizo zaulimi

Malonda oyendera nyengo ndi amene amakumana ndi vutoli kawirikawiri, chifukwa pamakhala miyezi imene katundu sayenda konse. Chitsanzo chongopanga ichi chikusonyeza matumba a feteleza amene sitolo ina yagulitsa kuyambira Juni mpaka Disembala, monga alembedwera mu Excel. Miyezi ili mu kolamu A, matumba ali mu kolamu B, ndipo mitu ili pa mzere woyamba.

| Mzere | Mwezi | Matumba |
|---|---|---|
| 2 | Juni | 10 |
| 3 | Julayi | 0 |
| 4 | Ogasiti | 0 |
| 5 | Sepitembala | 40 |
| 6 | Okutobala | |
| 7 | Novembala | 120 |
| 8 | Disembala | 150 |

Mu Julayi ndi Ogasiti sitolo inali yotsegula, koma palibe anagula feteleza, choncho maziro awiriwo ndi enieni. Mu Okutobala malonda anachitika, koma kaundula wa mweziwo sanafike kwa wolemba lipoti, ndipo kabokosi kake kanasiyidwa kopanda kanthu. Wolemba lipoti amaika fomula iyi mu kabokosi C3, n'kuikokera pansi mpaka C8:

```
=(B3-B2)/B2
```

Pa Julayi pamatuluka -100 peresenti, ndipo n'zoona. Pa Ogasiti pamatuluka `#DIV/0!`, chizindikiro chimene Excel imaonetsa ikauzidwa kugawa ndi ziro. Pa Sepitembala pamatulukanso `#DIV/0!`, chifukwa Ogasiti ndi ziro. Pa Disembala pamatuluka 25 peresenti, ndipo n'zoona.

Miyezi iwiri yotsala ndiyo yofunika kuionetsetsa. Powerengera, Excel imatenga kabokosi kopanda kanthu ngati ziro. Ndiye pa Novembala pamatuluka `#DIV/0!`, chizindikiro chofanana ndendende ndi cha Sepitembala, ngakhale kuti chifukwa chake ndi china. Pa Okutobala, Excel imachotsa 40 pa ziro amene yadziganizira yokha, n'kugawa ndi 40, ndipo imalemba -100 peresenti. Apa palibe chenjezo lililonse. Lipoti likunena poyera kuti malonda anaima kotheratu mu Okutobala, pomwe alimi anali kugula pokonzekera mvula. Zizindikiro za `#DIV/0!` zimanyansa m'maso, koma sizinamiza munthu. Nambala yooneka bwino ya Okutobalayo ndiyo yabodza.

Mwezi wa Juni ulibe mwezi wam'mbuyo m'ndandandawu, choncho kabokosi C2 kayenera kusiyidwa. Fomula ikakokeredwanso m'mwamba kufika pamenepo, imayesa kuwerengera ndi mawu a pamutu akuti Matumba, ndipo pamatuluka `#VALUE!`. Chizindikiro chomwechi chimaoneka munthu akalemba kamzere kapena mawu akuti "palibe" m'kabokosi ka manambala.

## Ziro, kusowa kwa lipoti, ndi kusasintha

M'chitsanzochi muli zinthu zitatu zimene lipoti labwino liyenera kuzisiyanitsa. Choyamba ndi ziro weniweni, pamene munthu anawerenga n'kupeza kuti palibe. Chachiwiri ndi nambala yosowa, pamene kuwerengako sikunachitike kapena zotsatira zake sizinafike. Chachitatu ndi kusasintha, pamene nambala yakale ndi yatsopano ndi zofanana, monga matumba 40 mwezi watha ndi 40 mwezi uno, ndipo yankho loona ndi 0 peresenti.

Kusiyana kwa ziwiri zoyambazo kuli ngati kusiyana kwa nkhokwe imene mwini wake wasuzumiramo n'kupeza kuti chimanga chatha, ndi nkhokwe imene palibe wakwerapo kukaona. Yoyambayo ndi yopanda kanthu. Yachiwiriyo ikhoza kukhala yodzaza mpaka pakamwa.

Ogwira ntchito yolondoloza matenda anaizindikira kale nkhani imeneyi. Pa matenda monga poliyo, chipatala chimayenera kutumiza lipoti la nyengo iliyonse ngakhale pamene sichinaone wodwala ndi mmodzi yemwe, n'kulemba ziro. Cholinga chake n'chakuti ofesi yolandira malipoti isatenge kukhala chete kwa chipatala ngati umboni woti matenda kulibe. Pulogalamu ya DHIS2, imene inapangidwa ku yunivesite ya Oslo ndipo imagwiritsidwa ntchito ndi maunduna a zaumoyo m'mayiko ambiri kuphatikizapo Malawi, ili ndi posankha ngati maziro a chinthu chilichonse chowerengedwa azisungidwa kapena ayi. Ngati maziro sakusungidwa, malo opanda kanthu akhoza kutanthauza kuti odwala kunalibe kapena kuti lipoti silinabwere, ndipo wowerenga ayenera kuyang'ana kaye ngati chipatalacho chinatumiza fomu ya mweziwo.

## Njira zitatu zachidule zimene zimaononga lipoti

Munthu akaona `#DIV/0!` m'lipoti limene likupita kwa abwana, amafuna kungochotsa chizindikirocho msanga. Njira yofala kwambiri ndi kukulunga fomula yonse mu `IFERROR`, imene imaika chinthu china m'malo mwa cholakwika chilichonse:

```
=IFERROR((B3-B2)/B2,0)
```

Zizindikiro zonse zimachokadi. Koma tsopano Sepitembala, mwezi umene malonda anadzuka kuchoka pa ziro kufika pa matumba 40, ukuonetsa 0 peresenti, kutanthauza kuti palibe chinasintha. Novembala, mwezi wa matumba 120, ukuonetsanso 0 peresenti. Bodza la Okutobala lija la -100 peresenti latsala momwemo, chifukwa kwa Excel silinali cholakwika. Wina akapeza avareji ya kolamu yonse, amaphatikiza -100, 0, 0, -100, 0 ndi 25, zimene zimapereka -175, n'kugawa ndi 6. Yankho ndi pafupifupi -29 peresenti. Sitolo imene yachoka pa matumba 10 kufika pa 150 ikuoneka ngati ikulowa pansi mwezi ndi mwezi. Kuwonjezera apo, `IFERROR` imabisa zolakwika za mitundu yonse, ngakhale zochokera ku fomula yoloza kabokosi kolakwika kapena ku mawu olembedwa pa malo a nambala, zimene zikanayenera kuonekera kuti zikonzedwe.

Njira yachiwiri ndi kulemba 100 peresenti paliponse pamene nambala yakale ndi ziro. Ena amaikonda chifukwa imasonyeza kuti zinthu zakwera. Vuto lake n'lakuti 100 peresenti ili kale ndi tanthauzo lake, lomwe ndi kuwirikiza kawiri. Wowerenga lipoti akaona matumba 40 ndi kukwera kwa 100 peresenti, amaganiza kuti mwezi wam'mbuyo anali matumba 20. Komanso kuchoka pa ziro kufika pa matumba 4 ndi kuchoka pa ziro kufika pa matumba 4,000 kumalandira nambala imodzimodzi.

Njira yachitatu ndi kuika kanambala kakang'ono m'malo mwa ziro kuti kugawa kutheke. Ziro wa Ogasiti akasinthidwa kukhala 1, Sepitembala amaonetsa kukwera ndi 3,900 peresenti. Akasinthidwa kukhala 0.1, pamatuluka 39,900 peresenti, ndipo akakhala 0.01, pamatuluka 399,900 peresenti. Matumba ndi 40 omwe aja, koma yankho likusintha malinga ndi kanambala kamene wolemba fomula wasankha. Nambala yotere sikufotokoza malonda a sitolo, ikungobwereza zimene wolembayo anaikamo.

## Fomula imene imanena zoona

Fomula yabwino imafunsa mafunso awiri isanagawe. Loyamba: kodi miyezi yonse iwiri ili ndi nambala? Lachiwiri: kodi nambala yakale ndi ziro? Yankho la funso lililonse limapatsidwa mawu akeake.

```
=IF(COUNT(B2:B3)<2,"palibe lipoti",
 IF(B2=0,IF(B3=0,"ziro ndi ziro","zayambira pa ziro"),
 (B3-B2)/B2))
```

`COUNT` imawerenga timabokosi tokhala ndi manambala okha. Ziro imamuwerenga, chifukwa ndi nambala, koma kabokosi kopanda kanthu kapena kokhala ndi mawu imakadumpha. Ikapeza manambala osakwana awiri, ndiye kuti mwezi umodzi ukusowa, kaya wakale kaya watsopano, ndipo fomula imalemba kuti palibe lipoti. Mafunsowa ayenera kutsatana mmene alilimu. Funso la ziro likayamba, kabokosi kopanda kanthu kamayankha kuti inde, chifukwa Excel imakaona ngati ziro, ndipo Novembala amalembedwa molakwika kuti malonda ayambira pa ziro. Pa makompyuta ena, malingana ndi dziko limene anasankhira, makoma a mu fomula amalowedwa m'malo ndi chizindikiro cha `;`.

Ndi fomula imeneyi, Julayi amaonetsa -100 peresenti, Ogasiti amaonetsa kuti ndi ziro ndi ziro, Sepitembala amaonetsa kuti zayambira pa ziro, Okutobala ndi Novembala onse amaonetsa kuti palibe lipoti, ndipo Disembala amaonetsa 25 peresenti. Mwezi umodzi wosowa wachotsa maperesenti awiri, wake womwe ndi wa mwezi wotsatira. Limenelo ndi lamulo la nthawi zonse, ndipo n'chifukwa chake kufunafuna kaundula wosowayo n'kopindulitsa kuposa kukongoletsa fomula. Ngati kaundula wa Okutobala atapezeka n'kusonyeza matumba 80, mipata yonse iwiri imatsekeka yokha: Okutobala amakhala kukwera ndi 100 peresenti, ndipo Novembala ndi 50 peresenti.

Pa nkhani ya ziro ndi ziro, mabungwe amasiyana. Ena amalemba 0 peresenti poganiza kuti palibe chasintha, ena amaika kamzere. Zonse ziwiri zikhoza kuloledwa, malinga ngati lamulolo lalembedwa pansi pa tebulo ndipo likutsatidwa paliponse. Koma mwezi wotero usalowe m'maavareji, chifukwa 0 peresenti wakeyo ndi wongogwirizana, si wochokera m'masamu.

Mawu olembedwa m'timabokosi ali ndi ubwino wina: `AVERAGE` imawadumpha, choncho sasokoneza avareji. Pa girafu ya mzere zinthu zimasiyana, chifukwa Excel imajambula mawu ngati ziro. Kolamu yopangira girafu iyenera kukhala yapadera, momwe m'malo mwa mawu aja mumaikidwa `NA()`. Imeneyi imatulutsa `#N/A`, ndipo Excel siijambula ngati ziro.

## Pamene mwezi wonse wasowa m'ndandanda

Pali kusowa kwina kobisika kwambiri kuposa kabokosi kopanda kanthu. Kumachitika pamene mzere wonse wa mweziwo palibe, moti Novembala amatsatira Sepitembala mwachindunji. Fomula siidziwa miyezi, imangoyang'ana mzere wam'mwamba mwake. Imachotsa 40 pa 120, n'kugawa ndi 40, n'kulemba 200 peresenti. Masamu ake ndi olondola, koma akuyerekeza miyezi yotalikirana pansi pa mutu wonena za kusintha kwa mwezi umodzi. Kukwera kwenikweni kwa Novembala kunali 50 peresenti.

Zimenezi zimachitika kwambiri manambala akamachokera m'detabesi, nkhokwe ya pakompyuta momwe malonda aliwonse amalembedwa pa mzere wakewake. Detabesi ikauzidwa kuphatikiza malonda mwezi ndi mwezi, mwezi umene kunalibe malonda sutuluka ndi ziro, umangosowa. M'chitsanzo cha sitolo ija, Julayi ndi Ogasiti sakanaoneka konse, ndipo Sepitembala akanayerekezedwa ndi Juni, n'kuonetsa kukwera ndi 300 peresenti. Okutobala nayenso akanasowa mofananamo, ngakhale pa chifukwa china.

M'chilankhulo cha SQL, chimene amafunsira detabesi, lamulo lotenga nambala yam'mbuyo ndi `LAG`, ndipo nalonso limatenga mzere wam'mbuyo, osati mwezi wam'mbuyo. Kugawa ndi ziro nako kumatengedwa mosiyanasiyana. PostgreSQL ndi SQL Server amaimitsa funso lonse n'kupereka uthenga wa cholakwika, pomwe MySQL pa funso longowerenga imabweza `NULL`, chizindikiro cha chinthu chosadziwika. Njira yodziwika yopewera kuimako ndi `NULLIF`, imene imasandutsa ziro kukhala `NULL`:

```sql
SELECT mwezi, matumba,
  100.0 * (matumba - LAG(matumba) OVER (ORDER BY mwezi))
  / NULLIF(LAG(matumba) OVER (ORDER BY mwezi), 0) AS kusintha
FROM malonda_a_mwezi;
```

Funsoli siliimanso, koma silithetsa vuto la mizere yosowa. Mankhwala ake ndi kuyamba ndi ndandanda wathunthu wa miyezi yonse, kenako n'kulumikizako malonda, kuti mwezi uliwonse ukhale ndi mzere wake. Pamenepo mipata imaonekera, ndipo pamatsala funso limene kompyuta singayankhe: kodi mpata uwu ndi ziro kapena ndi lipoti losowa? Kudzaza mipata yonse ndi maziro n'kolondola kwa Julayi ndi Ogasiti, koma n'kolakwika kwa Okutobala. Yankho limachokera ku umboni wina, monga buku losonyeza masiku amene sitolo inatsegulidwa, marisiti, kapena ndandanda wa nthambi zimene zinatumiza malipoti.

## Kusowa kobisala m'chiwerengero chonse

Manambala a malo angapo akaphatikizidwa, lipoti losowa silisiya mpata uliwonse, limangochepetsa chiwerengero chonse. Mwachitsanzo, kampani ili ndi nthambi zitatu, ndipo mu Novembala iliyonse yagulitsa matumba 100, onse pamodzi 300. Mu Disembala nthambi ziwiri zagulitsa 110 iliyonse, koma yachitatu sinatumize lipoti, ndiye chiwerengero chonse ndi 220. Fomula imaonetsa kutsika ndi pafupifupi 27 peresenti. Koma nthambi ziwiri zimene zinatumiza malipoti miyezi yonse iwiri zachoka pa 200 kufika pa 220, komwe ndi kukwera ndi 10 peresenti. Mu Januwale, nthambi zonse zitatu zikatumiza 110 iliyonse, chiwerengero chimakhala 330, ndipo lipoti limaonetsa kukwera ndi 50 peresenti kuchokera pa 220, pomwe m'nthambi ziwiri zodziwikazo palibe chasintha.

Chizindikiro cha vutoli ndi kugwa kwakukulu kotsatiridwa nthawi yomweyo ndi kukwera kwakukulu, popanda chifukwa chodziwika. Polipewa, peresenti iwerengedwe pa nthambi zokhazo zimene zili ndi manambala m'nyengo zonse ziwiri, ndipo pambali pake palembedwe kuti nthambi zingati mwa zingati zinatumiza malipoti. Lamulo lomweli limagwira ntchito pa nthambi yatsopano, imene chaka chatha kunalibe: imasonyezedwa payokha, osati kusakanizidwa m'peresenti ya kukula kwa nthambi zakale.

## Zonena m'malo mwa peresenti

Pamene nambala yakale ndi ziro weniweni, lipoti lisangokhala chete, chifukwa chinthu chachitikadi. Njira yosavuta ndi kunena kusiyana kwenikweni: malonda achoka pa ziro kufika pa matumba 40. Tebulo labwino limakhala ndi kolamu ya kusiyana m'matumba kapena m'makwacha pambali pa kolamu ya peresenti, chifukwa kuchotsera sikukanika ndi ziro.

Njira yachiwiri ndi kusintha nyengo yoyerekezera. Pa malonda oyendera nyengo, kuyerekeza Sepitembala ndi Sepitembala wa chaka chatha kumanena zambiri kuposa kuyerekeza ndi Ogasiti. Ngati chaka chatha anagulitsa matumba 32 ndipo chaka chino 40, kukwera ndi 25 peresenti. Kuphatikiza miyezi itatu itatu kumathandizanso kuchepetsa maziro, koma kumafuna kuti miyezi yonse itatu ikhale ndi malipoti. Kupanda kutero, mwezi wosowa umabisala m'chiwerengero chonse monga zinachitikira ndi nthambi zija.

Njira yachitatu ndi kugawa kusiyana ndi avareji ya manambala onse awiri, osati ndi yakale yokha. Kuchoka pa ziro kufika pa 40, avareji ndi 20, ndipo 40 kugawa ndi 20 kumapereka 200 peresenti. Akatswiri a zachuma a ku America, Steven Davis ndi John Haltiwanger, anagwiritsa ntchito muyezo umenewu powerenga ntchito zimene zimabadwa ndi kutha m'makampani, momwe makampani atsopano amayambira pa antchito ziro. Mayankho ake amakhala pakati pa -200 ndi 200. Malire ake ndi akuti chilichonse choyambira pa ziro chimalandira 200, kaya n'chachikulu kaya n'chaching'ono, ndipo ziro ndi ziro amakanikabe. Komanso manambala ake sangasakanizidwe ndi maperesenti wamba: kuchoka pa 120 kufika pa 150 kumapereka pafupifupi 22 peresenti mwa njira iyi, osati 25. Ikasankhidwa, igwiritsidwe ntchito pa tebulo lonse, ndipo owerenga auzidwe.

## Manambala oyandikira ziro ndi a pansi pa ziro

Vutoli silithera pa ziro weniweni. Nambala yakale ikakhala yaing'ono kwambiri, fomula imagwira ntchito koma yankho limakokomeza. Kuchoka pa thumba 1 kufika pa matumba 3 ndi kukwera ndi 200 peresenti, pomwe kuchoka pa 120 kufika pa 150 ndi 25 peresenti chabe, ngakhale kuti kwachiwiriku kwawonjezera matumba 30 ndipo koyambako 2 okha. Katundu akandandalikidwa motsatira peresenti, wosayenda malonda ndi amene amakhala pamwamba. N'chifukwa chake olemba malipoti ambiri amaika malire, n'kunena kuti nambala yakale ikachepera pamenepo peresenti siisonyezedwa, koma kusiyana kwenikweni kokha.

Nambala yakale ikakhala pansi pa ziro, monga bizinesi ikaluza, yankho limatembenuka. Bizinesi imene chaka chatha inaluza K200,000 ndipo chaka chino yapeza phindu la K100,000 yapita patsogolo ndi K300,000. Koma kugawa 300,000 ndi -200,000 kumapereka -150 peresenti, ngati kuti zinthu zaipa. Ena amakonza zimenezi pogawa ndi kukula kwa nambalayo mosalabadira chizindikiro chake, pogwiritsa ntchito `ABS`, ndipo amapeza 150 peresenti. Njirayi imabwezeretsa chizindikiro choyenera, komabe nambalayo ilibe tanthauzo la kuwirikiza limene peresenti imakhala nalo. Pa chifukwa chimenechi, malipoti a zachuma a makampani ambiri olembedwa m'Chingerezi amaika zilembo `NM` pa malo otero, kusonyeza kuti peresenti pamenepo ilibe tanthauzo, ndipo amangopereka ndalama za zaka zonse ziwiri.

Choncho peresenti ya kusintha imakhala yodalirika pamene zinthu zinayi zakwaniritsidwa: manambala onse awiri alipo, nyengo zake ndi zotsatanadi monga mutu wa tebulo ukunenera, akuchokera ku malo ofanana m'nyengo zonse ziwiri, ndipo nambala yakale ndi yoposa ziro mokwanira. Chimodzi mwa zimenezi chikasowa, pa malo a peresenti palembedwe chifukwa chake, pamodzi ndi manambala enieni amene alipo.